Mzere wofiira ukasowa, musafulumire kutumiza kalata

Ambiri m'maofesi athu akaona kuti kalata ilibe kamzere kofiira, amaitumiza mtima uli m'malo. Koma ntchito ya kamzereko ndi imodzi yokha: kuona ngati liwu lomwe mwalemba likupezeka mu dikishonale ya kompyuta. Zoti ndi liwu lomwe mumafunalo kapena ayi, sikadziwa.

Tiyerekeze kuti mukuyankha bwana amene wakuitanani kumsonkhano. Mukufuna kulemba `definitely`, kutsimikiza kuti mubweradi, koma zala zaphonya, mwalemba `definantly`. Kompyuta ikupatsani mawu oyandikira, inu mwachangu n'kudina `defiantly`. Pafoni ndiye imatha kusintha yokha mukangosiya mpata. Mzere wofiira wachoka, koma kalata tsopano ikunena kuti mubwera mwamwano, mosagonjera aliyense. Chimodzimodzi `manger` m'malo mwa `manager`: mkulu wa kampani wasanduka chodyera ng'ombe. Za `public` ikataya `l` m'lipoti la zaumoyo, tisanene zambiri, muno mumawerenga ana.

Vutoli n'lakale. Mapulogalamu ena akale ankangodziwa `co-operation` wa kamzere pakati, ndipo munthu akalemba `cooperation` ankamupatsa Cupertino, dzina la mzinda wa ku California. Dzinalo linalowadi m'zikalata zina za mabungwe akuluakulu a ku Ulaya.

Kubwereza kuwerenga ndi maso sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mlembi amaona zomwe zili m'mutu mwake, osati zomwe zili papepala. Khutu silinamizika msanga chotero. Mu Word, pitani pa `Review`, mudine `Read Aloud`, mumvetsere kalata yonse. Liwu likalowa pamalo posayenera, mulimva likugunda.

Njira imene ndimaikonda kwambiri, yomwe ambiri saidziwa, ndi youza Word kuti mawu ena asamawakhulupirire ngakhale ali olondola. Pa Windows, tsegulani foda iyi:

```
%AppData%\Microsoft\UProof
```

M'menemo muli fayilo yotchedwa `ExcludeDictionaryEN0809.lex` ya Chingerezi cha ku Britain. Ya ku America imathera ndi `0409`. Itseguleni ndi Notepad, mulembemo mawu okutcherani msampha pantchito yanu, liwu lililonse pamzere wake: `manger`, `defiantly`, `pubic`, `costumer`. Sungani, mutseke Word n'kutsegulanso. Kuyambira pamenepo mawuwa azituluka ndi mzere wofiira. Musaikemo mawu ngati `form` kapena `from`, amene mumawafuna tsiku lililonse, mungadzatope n'kuyamba kunyalanyaza mizere yonse. Amenewo asakeni ndi `Ctrl+F`, limodzi ndi mayina a anthu ndi a malo, omwe foni imakonda kuwasandutsa mawu achingerezi.

Olemba m'Chichewa alibe ngakhale chitetezo chochepacho, poti tsamba lonse limangofiira. Msungichuma akalemba kuti ndalama zasowa pomwe amafuna kunena kuti zalowa, kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, ndipo palibe chomuchenjeza. Lipoti lotere mupatseni mnzanu aliwerenge mokweza, inu muli ndi malisiti m'manja.