Mwana Akadzimbidwa Atangoyamba Phala

Sabata lina mu Okutobala, titaweruka ku mapemphero ku Liwonde, mayi wina wachitsikana anandikokera pambali. “Amayi, mwanayu watha masiku atatu osachita chimbudzi. Apongozi akuti ndimuike kasopo kumbuyo.” Mwanayo anali wa miyezi 7, ndipo phala anali ataliyamba masabata atatu apitawo.

Sindinayambe ndi kuwerenga masiku. Ndinafunsa kuti chimbudzicho chikabwera chimaoneka bwanji. Mwana akayamba kudya, chimbudzi chimasintha ndipo akhoza kudumphitsa tsiku kapena awiri. Ngati chili chofewa, palibe vuto. Koma uyu ankachima mpaka kulira, n'kutulutsa timibulu touma ngati ta mbuzi. Kumeneko ndiye kudzimbidwa.

Gwero lake linali m'poto. Mayiyu ankaphika phala la ufa woyera, lothira shuga basi, katatu patsiku, ndipo anachepetsa kuyamwitsa poganiza kuti mwana wakhuta. Ufa woyera ulibe gaga, yemwe amathandiza chimbudzi kufewa ndi kuyenda. Onjezanipo kutentha kwa kuno ku Machinga ndi Balaka: mwana amataya madzi ndi thukuta, chimbudzi n'kuuma.

Tinagwirizana kuti bere libwerere patsogolo: ayamwe kaye, phala pambuyo. Phala likhale la mgaiwa wosefa, lopsa bwino, lothira nsinjiro kapena kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira. Masana amupatse masupuni awiri kapena atatu a papaya wakupsa wopota. Dzungu lophika, peyala kapena mango akupsa zimagwiranso ntchito. Nthochi yosapsetsa ayambe waisiya. Akatha kudya, amwe pang'ono madzi owiritsa ozizira m'kapu, osati ambiri mpaka kukana bere.

Ndinamuonetsanso kusisita mimba. Mwana agone chagada, inu muyambire m'munsi kudzanja lake lamanja, kukwera, kudutsa pansi pa nthiti, n'kutsikira kumanzere, mmene matumbo amayendera. Kenako mupinde timiyendo ngati akupalasa njinga. Chitani izi akangosamba madzi ofunda, osati atangodya.

Za sopo ndinakana. Apongozi amafunira zabwino, ndipo ambirife tinaleredwa choncho, koma sopo amawotcha ndi kutupitsa m'kati mwa mwana. Musamumwetsenso mankhwala azitsamba kapena otsegula m'mimba a akuluakulu, ndipo uchi ndi woletsedwa kufikira atakwanitsa chaka.

Lachitatu mayi uja anabwera akuseka: thewera linali litadzaza. Zikanapanda kusintha pakatha masiku atatu kapena anayi, ndikanamutumiza kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo. Koma mwana akatupa mimba n'kulimba, akamasanza makamaka zobiriwira, akatentha thupi, akakana bere, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, musadikire papaya. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale litakhala la Sabata.