Kodi njinga yalowa bwanji mu bajeti?

Magulu a alimi a madimba ku Angoniya ndi ku Tsangano akapempha ndalama za maphunziro a ulimi wa ndiwo zamasamba, mabungwe othandiza amafuna mapepala awiri. Loyamba ndi bajeti, imene pa Chipwitikizi amati orisamentu. Lachiwiri ndi kwaduru lojiku, pepala lokhala ngati bawo, la mizere inayi yopingasa ndi inayi yotsika. Ambiri amayamba ndi bajeti poti ndiyo yokoma kulemba, ndipo apa mpamene zinthu zimasokonekera. Choyenera kuyamba ndi kwaduru, chifukwa bajeti ndi mtengo chabe wa ntchito zolembedwa mmenemo.

Tiyerekeze gulu la alimi 30 kufupi ndi Domwe, lofuna kuphunzira kulima kabichi ndi matimati kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Kwaduru amaiwerenga kuchokera pansi. Mzere wapansi ndi ntchito: maphunziro a masiku 6 pa dimba lachitsanzo, kugawa mbewu ndi makheni othirira, ndi maulendo 12 a mlangizi oyendera madimba. Pamwamba pake pali zotsatira: alimi 30 aphunzira kufesa pa nazale, kuwokera ndi kupanga manyowa. Kenako cholinga: alimiwo akukolola ndi kugulitsa ndiwo m'chilimwe. Pamwamba penipeni pali chifuno chachikulu, chakuti mabanja azidya bwino ndi kupeza ndalama.

Zotsatira ndi cholinga si chinthu chimodzi. Munthu angathe kukhala pa maphunziro masiku onse 6, nkudya nsima yake, koma dimba lake nkukhalabe tchire. Nchifukwa chake mzere wachiwiri wotsika umafunsa chizindikiro. Mawu akuti "alimi atukuka" sawerengeka. Gulu lilembe kuti pofika Seputembala alimi 24 mwa 30, theka lawo amayi, adzakhala atagulitsa kabichi wochokera pa nazale yawoyawo, nkutchulanso kuti lero amene amatero ndi angati. Mzere wachitatu umafunsa kumene umboni udzapezeke. Kaundula wa mlembi wa gulu ndi malipoti a mlangizi nzokwanira, bola wina azilembadi sabata ndi sabata.

Mzere wachinayi ndi wa zinthu zimene gulu silingazilamule, monga madzi a mumtsinje. Apa pafunika chilungamo. Ngati mtsinjewo umauma mu Ogasiti chaka chilichonse, kulemba kuti "madzi adzakhalapo" nkudzinamiza. Kukumba chitsime kulowe pa mzere wa ntchito, ndipo mtengo wake ulowe mu bajeti. Apo ayi, gulu lisankhe dimba lina.

Tsopano bajeti. Ntchito iliyonse ipatsidwe nambala, ndipo chogula chilichonse chinyamule nambala ya ntchito yake, kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzi. Mitengo ili apayi ndi yongoyerekeza. Chakudya: anthu 32, kuphatikizapo aphunzitsi awiri amene kawirikawiri amaiwalika, masiku 6, pa metikali 150 munthu mmodzi pa tsiku, zikwana 28,800. Makheni 30 pa 400 ndi 12,000. Mapaketi 30 a mbewu pa 200 ndi 6,000. Maulendo 12 a mlangizi pa 500 ndi 6,000. Zonse pamodzi 52,800. Ngati bungwe limalola ndalama ya zadzidzidzi, kunena kuti 5 pa 100 iliyonse, muwonjezedwe 2,640, pempho likhale la metikali 55,440. Malo, ndowe ndi thukuta la alimi zilembedwe padera ngati gawo la gulu.

Woweruza pempho amaika mapepala awiriwa pambalimbali nkumayendetsa chala. Akapeza njinga ya wapampando mu bajeti, amayang'ana ntchito imene ikufuna njingayo. Ikasowa, amayamba kukayikira ndi makheni omwe. Cholakwa chinacho nchachete koma nchowawa: maulendo 12 ali mu kwaduru, koma ndalama ya mafuta mu bajeti mulibe. Pempho likavomerezedwa choncho, gulu lalonjeza ntchito yopanda ndalama. Mlangizi adzabwera kawiri nkusiya, mbozi zidzalowa mu kabichi popanda wofunsa, ndipo polemba lipoti alimi 24 aja sadzakwana.

Kuno kumalire kuli vuto lina lapadera. Mbewu ndi makheni ena amakagula ku Dedza kapena ku Lizulu, m'makwacha. Bajeti ikhale ya ndalama imodzi, metikali, ndipo pansi pake palembedwe mtengo wosinthira ndi tsiku lake. Komabe gulu lifunse kaye ngati bungwelo limalandira malisiti a kutsidya kwa malire. Likakana, mitengo ikatengedwe ku masitolo a pa Ulongwe, yolembedwa pa pepala la sitolo ndi chidindo chake, ndipo pepalalo lipite limodzi ndi pempho.