Jiki si mankhwala a chikasu cha m'khwapa

Shati yanga yoyera ya thonje, yomwe ndinkasungira tsiku la intavyu, inayamba chikasu m'khwapa. Ndinathira jiki wosasungunula pamalopo n'kuisiya usiku wonse. Kutacha, chikasu chija chinali chitawonjezeka, ndipo nditaichapa kawiri inabooka.

Wolakwa ndinali ine. Mphamvu ya jiki ndi kulorini, amene akakumana ndi mapuloteni a m'thukuta amawasandutsa achikasu kwambiri. Akakhalitsa pansalu amadyanso ulusi wa thonje. Ntchito yake ilipo: mashiti oyera ndi nsalu zopukutira mbale, pofuna kupha majeremusi. Apo thirani supuni yaikulu imodzi m'malita 4 a madzi ozizira, viikani kwa mphindi zosapitirira 10, kenako mutsukuluze bwino. Musamusakanize ndi viniga, mpweya wotuluka pamenepo ndi poizoni.

Pa thukuta, ine ndili kumbali ya bulichi wa okosijeni, waufa uja. Akasungunuka amatulutsa haidirojeni perokosaidi, amene sadya thonje ngati kulorini. Koma m'madzi ozizira a pampopi wa ku hositelo amachita ulesi. Amafuna madzi ofunda, a madigiri 40 mpaka 60, ndipo shatiyo ikhalemo maola angapo. Ndi wodulirapo, sindikana, komabe safika pa mtengo wa shati yatsopano.

Dzuwa ndimamalizira nalo. Limayeretsa bwino nsalu ikadali yonyowa, n'chifukwa chake ndimayanika shati isanaume, masana dzuwa lili paliwombo. Mafuta a pakolala silichotsa, amenewo yambani mwawachapa ndi sopo.