Chenjezo la pa imelo lisathere pa imelo

Masiku ano makampani ambiri akumalemba pansi pa imelo zawo mawu akuti: "Chenjerani ndi akamberembere, akaunti yathu ya kubanki sidasinthe." Mawuwo amakhala m'malembo ang'onoang'ono, pansi pa dzina la wolemba, pansi pa chizindikiro cha kampani, pansinso pa pempho loti tisamasindikize mapepala mwachisawawa. Amene adawaika pamenepo amaona ngati wachenjeza. Ine ndikuti sadachenjeze aliyense, chifukwa wakuba amene tikumuopayo amawerenga imelo zomwezo, ndipo nthawi zambiri amakopera chenjezolo n'kulisiya pansi pa kalata yake yabodza kuti izioneka yeniyeni.

Kuti timvetse chifukwa chake, tione kaye momwe kubaku kumachitikira. Tiyerekeze kuti muli ndi kampani yogulitsa simenti ndi malata ku Kanengo, ndipo kontirakitala wina watenga katundu wa K18 miliyoni kuti adzalipire pakutha kwa mwezi. Masabata angapo m'mbuyomu, kalaliki wa kontirakitalayo adalandira uthenga womuuza kuti bokosi lake la imelo ladzaza, adadina linki, nalemba pasiwedi yake pa tsamba labodza. Kuyambira tsikulo wakuba ali m'bokosimo. Saba kanthu, sachotsa kanthu, amangowerenga. Akudziwa amene amasayina, akudziwa tsiku lolipira, akudziwa ngakhale moni amene akauntanti wanu amakonda kuyamba naye kalata.

Invoisi yanu ikangofika, iye amaibisa kalaliki asadaione. Amatsegula fayilo ya PDF ija, n'kusintha mzere umodzi wokha, wa nambala ya akaunti, kenako n'kuitumizanso kuchokera pa adiresi yofanana ndi yanu. Ngati yanu ndi `accounts@malonda.example`, yake imakhala `accounts@rnalonda.example`. Yang'anitsitsani: `r` ndi `n` zikagundana zimaoneka ngati `m`, makamaka pa foni. M'kalatamo amalemba mwaulemu kuti akaunti yakale ikuwerengetseredwa ndi maodita, choncho malipiro a mwezi uno apite ku akaunti yatsopano, ndipo chonde zichitike lero. Nambala ya invoisi ndi yolondola, kuchuluka kwa ndalama n'kolondola, dzina la akauntanti n'lolondola. Kalaliki alipira, natumiza umboni wa malipiro, umene ukupita kwa wakuba yemweyo. Inu mudzadziwa pakapita masabata awiri kapena atatu, pamene mukuimba foni kufunsa za ngongole yanu, winayo n'kukuyankhani kuti, "Bwana, tidalipira kalekale, risiti tili nayo."

Wina asaganize kuti amagwa m'mbunamu ndi osaphunzira okha. Pakati pa 2013 ndi 2015, Evaldas Rimasauskas wa ku Lithuania adanamizira kukhala kampani ya Quanta Computer ya ku Taiwan, natumiza mainvoisi abodza ku Google ndi Facebook, ndipo makampani awiriwa adalipira ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Khoti la ku America lidamulamula mu 2019 kukakhala kundende zaka zisanu. Koma nkhani imene ikutikhudza kwambiri ndi ya ku South Africa. Mu 2019 mayi wina wogula nyumba ku Johannesburg adayenera kulipira R5.5 miliyoni kwa maloya a ENS, omwe ankayendetsa zosintha umwini wa nyumbayo. Maloyawo adamutumizira nambala ya akaunti pa imelo, koma akuba omwe adali atalowa kale mu imelo ya mayiyo adaisintha, ndalama n'kupita. Mu 2023 khoti lalikulu lidati maloyawo abweze ndalamazo chifukwa sadamuchenjeze. Mu 2024 khoti la apilo lidasintha chigamulocho, likunena mwa zina kuti mayiyo adali atachenjezedwapo kale za kuba kwa mtunduwu ndi kampani yogulitsa nyumba, ndipo akadatha kutsimikiza nambalayo asadalipire.

Mlanduwu ukutiphunzitsa zinthu ziwiri. Wolipira asadalire kuti khoti lidzamumvera chisoni, pakuti amene waponya ndalama ku akaunti yolakwika kawirikawiri amakhalabe ndi ngongole yake. Wolandira nayenso asanyadire, chifukwa ngakhale atapambana, wataya zaka m'makhoti ndipo kasitomala sadzabweranso. Chenjezo lolembedwa bwino limateteza onse awiri.

Nanga chenjezo labwino n'lotani? Ntchito yake ndi imodzi: kumuchotsa kasitomala pa imelo n'kumupatsa njira ina yotsimikizira imene wakuba sangaigwire. Kalata yongoti "khalani tcheru" simuuza munthu chochita Lachisanu madzulo pamene bwana wake akumukakamiza kuti malipiro atuluke banki isadatseke. Kalata imene ndingalembe ine ingakhale yaifupi chonchi:

"Okondedwa makasitomala athu, pali anthu amene akutumiza mauthenga m'dzina la makampani onena kuti akaunti ya kubanki yasintha. Akaunti yathu sidasinthe, ndipo sitidzakuuzani za kusintha kulikonse kudzera pa imelo, pa WhatsApp kapena pa uthenga wa pafoni. Mukalandira uthenga wotere, ngakhale uoneke kuti wachokera kwa munthu amene mumamudziwa kuno, musalipire ndipo musauyankhe. Imbani foni pa nambala yathu imene ili pa mgwirizano umene tidasayinirana, osati imene yalembedwa mu uthengawo. Ngati mwalipira kale, imbirani banki yanu nthawi yomweyo, kenako mutiimbire ife."

Muona kuti m'kalatamu mulibe nambala ya akaunti. N'dala. Anthu ambiri amafuna kuthandiza polemba kuti "akaunti yathu yeniyeni ndi iyi", osadziwa kuti akuphunzitsa kasitomala kukhulupirira nambala yobwera pa imelo, chomwe ndi chizolowezi chimene tikufuna kuthetsa. Komanso ngati wakuba ali kale m'bokosi la kasitomala, agwira chenjezo lanulo, asintha nambala, ndipo kalata yanu yochenjeza isanduka nyambo yabwino kuposa imene akadalemba yekha. N'chimodzimodzi ndi nambala ya foni yatsopano, linki, kapena fayilo yomata. Zonsezi zisapezekemo. Mulozereni munthu ku chinthu chimene ali nacho kale m'kabati mwake, monga mgwirizano wa papepala kapena nambala imene wakhala akuimba zaka zonsezi.

Mawu akuti "musauyankhe" nawonso ali ndi chifukwa. Kalaliki wochenjera akakayika amakonda kudina `Reply` n'kufunsa kuti, "Kodi n'zoona mwasintha akaunti?" Yankho limabwera msanga, laulemu, lotsimikiza kuti n'zoona, chifukwa funsolo lapita kwa wakuba. Imelo ili ndi malo otchedwa `Reply-To` amene wotumiza angathe kulembapo adiresi ina yosiyana ndi imene ikuoneka pamwamba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma pano ngakhale wofunsa amadya phula ngati wafunsa wolakwika. Pa foniponso, woimba akhale kasitomala. Munthu wokuimbirani n'kunena kuti ndi wa ku kampani yakuti akutsimikiza za akaunti yatsopano sadatsimikize kanthu. Ndipo mukaimba, musawerenge nambalayo inu kuti winayo angoti "eya". Muuzeni awerenge yekha, inu mukuyang'ana papepala.

Katumizidwe kake nakonso n'kofunika. Chenjezo lipite palokha, ndi mutu wake womveka, kuchokera pa adiresi imene makasitomala adaizolowera. Maadiresi awo aikeni pa `Bcc`, chifukwa mukawandandalika onse pa `To` mwapereka mndandanda wa makasitomala anu kwa aliyense amene ali m'bokosi la mmodzi wa iwo. Lipite kwa munthu amene amakonza malipiro, osati kwa mwini kampani yekha amene mumacheza naye. Makasitomala khumi kapena makumi awiri amene amalipira ndalama zambiri aimbireninso foni kuwauza zomwezo pakamwa, ndipo lamulo lomweli lilembedwe mu mgwirizano wa kasitomala aliyense watsopano pa tsiku loyamba. Chenjezo lotumizidwa ndalama zitapita kale limangothandiza otsalawo.

Musanatumize, sesani kaye kwanu. Nthawi zina bokosi lolowedwa ndi lanu, ndipo kalata yabodza ikuchokera pa adiresi yanu yeniyeni, yopanda chilembo cholakwika ngakhale chimodzi. Lowani m'makonzedwe a imelo ya akauntanti ndi ya wogulitsa, muone gawo la `Rules` kapena `Filters` ndi la `Forwarding`. Mukapeza lamulo limene simudaike, loti kalata iliyonse yokhala ndi mawu oti `invoice` kapena `payment` izipita ku foda yobisika kapena ku adiresi yachilendo, dziwani kuti muli ndi mlendo. Chizindikiro china n'chakuti makasitomala amati adakuyankhani koma inu simukuona mayankho awo. Kusintha pasiwedi kokha sikuchotsa malamulowo. Afufuteni, tulutsani zipangizo zonse zimene zidalowa mu imeloyo, ndipo tsegulani njira yotsimikizira kawiri polowa, ija yofuna nambala ya pafoni kuwonjezera pa pasiwedi. Ngati mwapeza kuti wakuba adalowadi, chenjezo lanu linene zimenezo mosabisa ndi kutchula masiku ake, kuti amene adalandira mainvoisi m'masiku amenewo awaonenso. Manyazi a tsiku limodzi ndi otchipa poyerekeza ndi kasitomala wachiwiri kuberedwa inu mukudziwa.

Pali funso limene amalonda amandifunsa: "Nanga tsiku limene tidzasinthedi banki tidzatani, popeza talonjeza kuti sitidzanena pa imelo?" Yankho n'lakuti mudzachita zimene mudalonjezazo. Lembani kalata ya papepala yosayinidwa, ipite ndi munthu amene kasitomala amamudziwa nkhope, perekani nthawi yokwanira monga mwezi wathunthu, ndipo akaunti yakale ikhalebe yotsegula kufikira onse atasamuka. Kusintha kwenikweni sikukhala kwa changu. Uthenga woti "lipirani lero ku akaunti yatsopano" ndi wokwanira kuimitsa malipiro, ndipo wogulitsa weniweni sadzakwiya chifukwa mwachedwa tsiku limodzi mukutsimikiza.

Zikalakwika ndithu, maola oyambirira ndiwo amagamula. Wakuba sasunga ndalama mu akaunti imene zafikira. Amazigawa ku maakaunti ena kapena kuzitapa msanga. Wolipira aimbire banki yake pompopompo kupempha kuti ilumikizane ndi banki yolandira kuti ndalamazo ziimitsidwe, kenako akanene ku polisi, komwe kuno kwathu nthambi ya Fiscal Police ndiyo imaona milandu ya zachinyengo pa ndalama. Imelo yabodzayo isafufutidwe, pakuti ndi umboni. Zokangana kuti wolakwa ndani zidikire mawa. Ndiye chifukwa chake chiganizo chomaliza m'kalata ija chimati imbirani banki kaye, kenako ife.