Kubwereza mawu a chilengezo cha ntchito mu siivii: phindu ndi malire ake

Wachinyamata wa ku Mualadzi kapena ku Luia, m'boma la Chifunde, akamva kuti kampani ya fodya ikufuna alangizi a alimi, chilengezocho amachipeza m'Chipwitikizi. Zimene olemba ntchito akufuna zimandandalikidwa pansi pa mutu wakuti "Requisitos". Kodi ndi bwino kutola mawu a pamenepo n'kuwaika mu siivii?

Ovomereza ali ndi mfundo yomveka. Wosankha anthu amakhala ndi mulu wa makalata, ndipo maso ake amafufuza mawu amene analemba yekha. Tiyerekeze kuti chilengezo chikufuna "12ª classe", "carta de condução" ya njinga yamoto, "experiência com produtores" ndi "Cinyanja". Mnyamata wina anamaliza kalasi 12, ndipo kwa nyengo zitatu anali mlembi wa kalabu ya alimi a fodya: ankalemba feteleza wa ngongole amene aliyense walandira ndi mabelo amene wagulitsa. Akangolemba kuti ankathandiza kumudzi, luso lonselo labisika. Koma akalemba "experiência com produtores", n'kutchula nyengo zitatuzo, chiwerengero cha alimi ndi zimene ankalemba m'kaundula, wanena zoona m'mawu amene wowerengayo akuyembekezera. Chimodzimodzi chilankhulo: iye amati Chichewa, chilengezo chikuti "Cinyanja", ndipo kulemba monga mwa chilengezo si bodza.

Okayikira nawo sakulakwa. Akuti munthu akazolowera kukopera, dzanja limapitirira mpaka pa zimene alibe. Mnyamata yemweyu amatha kuyendetsa njinga yamoto mpaka kuchipata cha Cassacatiza, koma laisensi alibe. Akalemba "carta de condução", bodza lake lidzaululika tsiku limene adzamufunse mapepala, ndipo ngakhale zoona zimene analemba zidzayamba kukayikitsa. Vuto lina n'lakuti ofunsira onse akakopera mawu amodzimodzi popanda umboni, makalata awo amafanana, ndiye wosankha sapezamo chosiyanitsa.

Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zikukumana pa umboni. Lembani zofunika zonse za m'chilengezo papepala, ndipo pambali pa chilichonse muike chochitsimikizira: satifiketi, dzina la kalabu, chaka, kapena munthu amene angakuchitireni umboni. Mawu amene apeza mnzake alowe mu siivii monga momwe alembedwera. Amene asowa mnzake atsale. Muonenso ngati chofunikacho chalembedwa kuti "obrigatório", kutanthauza kuti popanda icho simulowa, kapena "vantagem", chongowonjezera mwayi. Ngati laisensi ija ndi yongowonjezera mwayi, mnyamatayo afunsire ndithu, n'kunena poyera kuti kuyendetsa amatha koma pepala sanatenge. Ngati ndi yokakamiza, ndalama za fotokope ndi thiransipoti aziike kaye pa kupeza laisensiyo.