Abwana akakalipa pagulu, yankhani ndi kope

M'mashopu ambiri a hoselo ku Limbe ndi ku Malangalanga, chitseko chikatsekedwa madzulo pamakhala kamsonkhano kowerengera katundu ndi ndalama. Ena mwa inu mumagulitsa katundu wa eni ake, ndipo mukudziwa kuti nthawi imeneyi ndi yomwe abwana ena amatulutsa ukali wa tsiku lonse. Ganizo langa ndi lakuti kubweza mawu pamenepo n'kuluza, koma kungoti zii mpaka kalekale n'kuluzanso.

Tiyerekeze motere. Mtsikana wogulitsa pakauntala wapezeka kuti mabelo awiri a shuga sakuoneka. M'mawa analipo 30, malisiti akuonetsa kuti agulitsidwa 18, koma m'sitolo mwatsala 10 m'malo mwa 12. Abwana akumenya tebulo pamaso pa antchito onse: "Iwe ndiwe wakuba, ndikudula malipiro!"

Choyamba n'kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe zili m'mawu amenewa. Funso la mabelo awiri ndi la ntchito, ndipo mwini katundu ali ndi ufulu wofunsa. Koma mawu oti "wakuba" ndi chigamulo chomwe chaperekedwa mlandu usanazengedwe. Mtsikanayu ayankhe funsolo, asavomere chigamulocho. Akhoza kunena motsitsa mawu, kamodzi kokha: "Bwana, ndamva kuti mabelo awiri sakuoneka. Sindinabe. Ndikupempha kuti tiwerenge limodzi ndi kope." Akatero asiye pomwepo. Munthu wolusa akamayankhidwa chiganizo chilichonse amangowonjeza moto, ndipo mawa anthu amakumbukira mwano wa wantchito, osati za shuga.

Pali mawu awiri oopsa pa nthawi ngati imeneyi. Oyamba ndi "pepani" wongofuna kuti phokoso lithe, chifukwa pa nkhani ya katundu wosowa amamveka ngati kuvomera. Achiwiri ndi "basi ndasiya ntchito." Mukatuluka mwa mkwiyo, abwana adzanena kuti munathawa nokha. Ndipo musasayinire pepala lovomera ngongole katundu asanawerengedwenso.

Usiku womwewo alembe m'kope lakelake, osati la pashopu: tsiku, nthawi, mawu enieni amene ananenedwa, ndi anthu amene analipo. Mawa lake apemphe kuonana ndi abwana pawiri, makasitomala asanachuluke. Ayambe ndi mawerengero: kodi pali katundu amene anatuluka pa ngongole osalembedwa? Alipo wachibale amene anatenga belo ndi mawu apakamwa? Ndani winanso ali ndi kiyi wa sitolo? Mabelo akapezeka kapena ayi, anene pempho limodzi lomveka: "Ndikalakwitsa mundiitane mundiuze, koma musanditchule wakuba pamaso pa anzanga." Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ulemu ulipo, koma kukana kwamveka.

Wina anena kuti ntchito ikusowa, bola kupirira. N'zoona, ndipo sindikuuza munthu kuti ataye ntchito chifukwa cha kukalipiridwa kamodzi. Koma dzina lanu ndi mpamba. Amene amva mukutchedwa wakuba lero ndi omwe mawa adzafunsidwe ngati mungapatsidwe katundu pa ngongole, kapena ngati mungasunge ndalama za banki m'khonde.

Malamulo nawonso sali chete. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limateteza ulemu wa munthu aliyense. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Gawo 60 la lamulo lomweli limalola wantchito kusiya ntchito popanda notisi ngati khalidwe la abwana lafika poti munthu sangayembekezeredwe kupitiriza. Koma apa pali malire: muyenera kuonetsa umboni woti zinafikadi pamenepo, ndipo kukweza mawu tsiku limodzi n'kovuta kuti kukwanire. N'chifukwa chake kope lija ndi lofunika. Kutukwana kukamabwerezedwa, kapena malipiro akadulidwa popanda kukumvani, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu musanasiye ntchito. Zikakanika kumeneko, nkhani imatha kupita ku khoti loona za ntchito.

Kwa inu amene mwakula pa geni mpaka kulemba mnyamata kapena mtsikana pa benchi: wantchito amene amakalipiridwa pagulu amaphunzira kubisa. Mazira akasweka sanena, kasitomala akathawa ndi ngongole sanena, ndipo mumadzazindikira mpamba utalowa kale pansi. Muitaneni pambali, tsegulani kope, muwerenge limodzi.