Chaka cha landilodi chili ndi miyezi 11

Amalawi ena amene akhazikika ku Sheffield ayamba kugula nyumba zochititsa lendi, ndipo ambiri amangochulukitsa lendi ya pamwezi ndi 12 n'kumati phindu ndi limenelo. Ine ndimati werengani miyezi 11 basi. Mlendi akatuluka, pamapita masabata mukupenta, kukonza ndi kufunafuna wina, ndipo nthawi yonseyo msonkho wa khonsolo umagwera inu eni nyumba.

Tiyerekeze kuti muli ndi nyumba ya zipinda ziwiri ku Walkley, ya lendi ya mapaundi 800 pamwezi. Miyezi 11 ikupatsani 8,800. Ejenti atengepo 880, inshulansi 300, woyeza gasi, amene lamulo limafuna chaka ndi chaka, 80, ndipo mabilu a mwezi wopanda mlendi 140. Zokonzakonza ikani 900, poti nyumba zakale zogundizana za dera limeneli sizichedwa kudontha denga kapena kuchita chinyontho kuchipinda chapansi. Mwatsala ndi 6,500.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa msonkho. Kuyambira Epulo 2020, chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba sichichotsedwanso musanawerenge phindu. A HMRC amadula msonkho pa 6,500 yonseyo, kenako amakuchotserani 20 peresenti yokha ya chiwongoladzanjacho. Ngati kubanki mumalipira chiwongoladzanja cha 3,600 pachaka, akuchotserani 720. Wolipira msonkho wa 20 peresenti apereka 580, ndipo banki ikatenga zake atsala ndi 2,320. Koma namwino amene malipiro ake ndi maovataimu zamufikitsa kale pa 40 peresenti apereka 1,880, n'kutsala ndi 1,020 chaka chonse. Nyumba ndi yomweyo, lendi ndi yomweyo.

Chaka cha msonkho chimatha pa 5 Epulo, koma kulipira kwake ndi pofika pa 31 Januwale wotsatira. Miyezi ya pakatiyi ndi imene imanamiza, ndalama n'kuthera pa Khirisimasi ndi zotumiza kumudzi. Komanso msonkho ukapitirira mapaundi 1,000, nthawi zambiri amafuna muperekeretu theka la msonkho wa chaka chinacho tsiku lomwelo, theka lina pa 31 Julayi.

Choncho tsegulani akaunti yapadera, ndipo lendi ikangolowa patulani za msonkho ndi za mwadzidzidzi. Musadye phindu mpaka thumba la mwadzidzidzi litakwana lendi ya miyezi itatu, yomwe pano ndi 2,400. Boyila ikafa mu Januwale, mlendi wa ana aang'ono sangadikire malipiro anu a pakutha pa mwezi, ndipo yatsopano itha kumeza phindu la chaka chonse. Dipoziti ya mlendi musaiwerengere. Siyenera kupitirira lendi ya masabata asanu, ndipo lamulo limati muitetezere ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30. Ndalama imeneyo ndi yake.